Thanthwe lili pa mamita angati? Zomwe ndimayeza makina okumba mjigo asanafike

Mjigo womwe umandipwetekabe mtima mpaka lero ndi wa m'mudzi wina wa kuchigwa, mbali ya ku nyanja ya Malombe. Ndine ndinayeza malowo, ndine ndinakhoma chikhomo chosonyeza pokumba, ndiponso ndine ndinalemba kuti thanthwe lipezeka pa mamita 20 kapena kupitirira pang'ono. Okumba anakhulupirira pepala langalo. Anabwera ndi makina oboola ndi mpweya, aja amagwira bwino pamwala, ndipo mapaipi achitsulo otchingira dzenje kuti lisagumuke anatenga ongokwanira mamita omwe ndinalembawo. Anaboola 20, mwala palibe. Anafika 30, kukutuluka mchenga wokhawokha wosakanikirana ndi madzi. Asanafike 40 dzenje linayamba kugumukira mkati, mchenga n'kugwira zitsulo, ndipo tsiku lonse lotsatira linathera pozula zitsulozo. Amayi omwe ankaphikira anyamata okumbawo anangoti zii, ataima pamthunzi wa mlambe. A mfumu sananene mawu okalipa. Anangondifunsa kuti, "Bambo, nanga mwala munanena uja uli kuti?"

Yankho ndinalipeza nditabwerera ku mapepala anga, ndipo nkhani yonseyi yachokera pamenepo.

Boma la Mangochi lili ndi nthaka za mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ndipo munthu amaziona ndi maso akawoloka mlatho wa pa Shire n'kumakwera msewu wa ku Namwera. Kumunsi, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, kuli chigwa chomwe chinadzaza ndi mchenga, dongo ndi nsangalabwi zomwe madzi akhala akusanjikiza kwa zaka zosawerengeka. Kumeneko thanthwe likhoza kukhala kutali kwambiri moti mjigo wa pamudzi sungalifike. Kumtunda, ndi m'munsi mwa mapiri, thanthwe lakale lolimba lili pafupi, ndipo pamwamba pake pamakhala mwala womwe unawola n'kufumbutuka. Madzi a m'mijigo ya kumtunda nthawi zambiri amapezeka cha pansi pa mwala wowolawo, pomwe wayamba kulimba koma uli ndi ming'alu. Ndiye kudziwa kuya kwa thanthwe si nkhani ya pa pepala chabe. Kumatiuza ngati pali malo okwanira osungira madzi, kumauza wokumba kuti abwere ndi makina a mpweya kapena oboola ndi matope, komanso kuti agule mapaipi angati. Mjigo wa Afridev womwe uli m'midzi yambiri kuno umakoka madzi mpaka pafupifupi mamita 45, kotero mamita khumi olakwika si ochepa ayi.

Njira yomwe ndinagwiritsa ntchito ku Malombe kuja ndi yomwe ambiri amaidziwa, ya magetsi, yomwe timaitcha rezisitiviti. Timakhoma zikhomo zinayi zachitsulo pamzere wowongoka. Ziwiri zakunja, A ndi B, zimalowetsa magetsi a m'batire m'nthaka. Ziwiri zamkati, M ndi N, zimayeza mphamvu yomwe ikufika pakatipo. Tikawerenga, anyamata awiri amazula A ndi B n'kuyenda nazo kutali pang'ono, wina uku wina uko, pakati osasuntha. Zikhomo zikamatalikirana magetsi amadutsa mozama, ndiye nambala yomwe tikuwerenga imayamba kumva zomwe zili pansi. Kusanja kotereku kumatchedwa Schlumberger. Chomwe timapeza ndi kukana kwa nthaka kuti magetsi adutse, ndipo muyeso wake ndi omu-mita. Dongo lonyowa silikana kwenikweni, kawirikawiri limakhala pansi pa 20. Madzi amchere amatsitsa nambala kuposa pamenepo. Mchenga kapena mwala wowola wokhala ndi madzi abwino umagwera cha pakati pa 20 ndi 150. Thanthwe lolimba lopanda ming'alu limapitirira 1,000.

Manambalawa timawaika pa girafu, theka la mtunda wa pakati pa A ndi B, lomwe timangoti theka la AB, m'munsi, kukana kwa nthaka m'mbali. Pamalo ambiri girafuyo imayambira pamwamba chifukwa dothi la pamwamba ndi louma, imatsika ikafika ponyowa, kenako n'kuyamba kukwera. Kukwera komalizaku ndi komwe aliyense amayembekezera, chifukwa kumaoneka ngati thanthwe. Koma sikukwera kulikonse komwe kuli thanthwe. Thanthwe lenileni limakweza girafu motsetsereka ndithu, pafupifupi madigiri 45 pa pepala lomwe timajambulapo, ndipo imapitirirabe kukwera osatopa. Ku Malombe girafu yanga inakwera, inde, koma mwaulesi, ndipo ine ndinalekera theka la AB lili pa mamita 60 chifukwa kutsogolo kunali munda wa anthu komanso dzuwa linali litapendeka. Chomwe chinaikweza chinali mchenga wokhakhala wa madzi abwino womwe unali pansi pa dongo. Ndikanatambasula waya mpaka 150 kapena 200 ndikanaona girafuyo ikugona, osapitiriza kukwera. Madzi analipo, ochuluka ndithu. Cholakwika chinali makina omwe ndinaitanitsa.

Ngakhale munthu atayeza bwinobwino, njira ya magetsi ili ndi khungu lake lobadwa nalo. Pakakhala gawo lonyowa pakati pa dothi louma ndi thanthwe, chomwe makina amaona bwino si kukhuthala kwa gawolo palokha, kapena kukana kwake pakokha, koma zomwe zimatuluka ukagawa kukhuthalako ndi kukanako. Timazitcha S. Gawo la mamita 20 lokana 33 ndi gawo la mamita 30 lokana 50 onse amapereka S ya pafupifupi 0.6, ndipo mchira wa girafu zawo umagona pamzere umodzi. Zimasiyana pang'ono pomwe girafu yatsikitsitsa, koma manambala a kutchire sakhala oyera chotero, ndipo gawo lomwe tikulitcha limodzilo nthawi zambiri limakhala timagawo tingapo. Kompyuta imakupatsa yankho limodzi lokhala ndi manambala okongola, koma ukasuntha pang'ono poyambira imakupatsanso lina lokongola chimodzimodzi. Ine ndimakwiya ndikaona lipoti lonena kuti thanthwe lili pa mamita 23.7 kuchokera pa kuyeza kwa magetsi kumodzi kokha. Nambala imeneyo siingakhale yolondola chotero.

Apa ndi pomwe hamala imalowera. Njira yachiwiri, ya sayizimiki, simagwiritsa ntchito magetsi koma kugunda. Timayala chingwe pamzere, n'kuzika tizipangizo tomva kunjenjemera kwa nthaka, majiyofoni, mamita asanu aliwonse. Akakhala 24 mzere umatalika mamita 115. Kumapeto kwa mzere timaika chitsulo chophwatalala pansi, munthu wamphamvu n'kuchimenya ndi hamala yaikulu ija yophwanyira miyala. Pa hamalayo pamakhala kawaya kouza makina nthawi yeniyeni yomwe yagunda, ndipo makinawo amalemba nthawi yomwe kugundako kwafika pa jiyofoni iliyonse, m'mamilisekondi, magawo 1,000 a sekondi imodzi.

Anthu akandifunsa momwe zimenezi zimaonera pansi, ndimawapatsa chitsanzo cha ulendo. Ukafuna kupita kwa mnansi wapafupi, umangodutsa njira ya mumchenga ngakhale ndi yolemetsa miyendo. Koma ukamapita kutali, kuli bwino kuyenda kaye mpaka ku tala, kukwera kabaza, n'kukatsika kutsogolo, ngakhale njirayo ndi yozungulira. Kugunda kwa hamala nakonso kumatero. M'dothi louma kumayenda mamita 300 mpaka 700 pa sekondi. M'nthaka yodzaza madzi kumayenda 1,500 kapena kupitirira pang'ono, poti ndilo liwiro lake m'madzi. M'thanthwe lolimba kumathamanga 4,500 mpaka 6,000. Pa majiyofoni apafupi kugunda koyamba kufika ndi komwe kwadutsa pamwamba. Pa akutali, koyamba kufika ndi komwe kunatsikira ku thanthwe, n'kuthamanga pamwamba pake, n'kukweranso. Malo omwe njira yapansiyo yayamba kupambana amatiuza kuti talayo ili kutali bwanji, kunena kwake kuti thanthwe lili pansi bwanji.

Ndifotokoze za malo ena omwe ndinayeza ndi njira zonse ziwiri, m'munsi mwa mapiri kum'mawa kwa Shire. Unali mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa. Komiti ya mjigo inali itasankha malo atatu, ndipo amodzi anali pafupi ndi mzikiti pomwe anthu ambiri ankafuna. Pamenepo sitinachedwepo: hamala inaonetsa liwiro la thanthwe kuyambira pa jiyofoni yachinayi, kutanthauza kuti mwala unali pa mamita ochepa kwambiri, ndipo ndithu kuseri kwa nyumba zina miyala inali yoonekera. Malo achiwiri anali pafupi kwambiri ndi zimbudzi. Tinatsala ndi achitatu, chakumunsi pang'ono, m'mphepete mwa munda wa nandolo.

Tinayamba ndi hamala, ndipo tinayamba mochedwa chifukwa cha chigayo. Chigayo cha dizilo chikamalira, ngakhale chili patali ndithu, majiyofoni amachimva ndipo mizere ya pa makina imangovina. A mfumu anatuma mwana kukapempha mwini chigayo kuti azimitse kwa ola limodzi, ndipo anavomera. Ana tinawapempha kukhala pansi, chifukwa phazi la munthu woyenda pafupi ndi chingwe limalembedwanso. Pa malo aliwonse omenyera tinamenya kasanu kapena kupitirira, makina n'kumaphatikiza, kuti kugunda kwenikweni kukule phokoso lina lizimirire. Mnyamata womenyayo ndinamuuza kuti hamala isadumphe n'kugundanso kachiwiri. Tinamenya kumapeto onse awiri a mzere komanso pakati. Kumenya mbali zonse ziwiri sikuchitira mwambo: thanthwe likapendekeka, mbali imodzi imaonetsa liwiro lalikulu kuposa lenileni, inayo laling'ono, ndipo ukamenya mbali imodzi yokha sungadziwe kuti lapendekeka. Pano mbali ziwirizo zinafanana ndithu, zomwe zinandipatsa mtima wowerengera mophweka.

Nthawi zofikira nditaziika pa girafu zinapanga mizere itatu yolumikizana. Woyamba, mpaka cha pa mamita 11, unapereka liwiro la 500. Wachiwiri, mpaka cha pa mamita 70, unapereka 1,700. Wachitatu, pa majiyofoni otsalawo, unapereka 4,800. Kenako mzere uliwonse umautalikitsa chobwerera m'mbuyo mpaka pomwe panali hamala, n'kuwerenga nthawi yomwe wadula. Wachiwiri unadula pa mamilisekondi 15, wachitatu pa 42. Kukhuthala kwa gawo kumapezeka motere, V1 kukhala liwiro la gawo lapamwamba, V2 la lapansi pake, t nthawi ija m'masekondi:

```
h = t × V1 × V2 / (2 × √(V2² − V1²))
```

Pa gawo loyamba, t ndi 0.015, maliwiro ndi 500 ndi 1,700, ndipo yankho ndi pafupifupi mamita 4. Amenewo ndi dothi louma la pamwamba. Pa gawo lachiwiri pamafunika kusamala, chifukwa mu mamilisekondi 42 aja muli nthawi yomwe kugunda kunataya podutsa m'dothi louma, potsika ndi pokwera, yomwe ndi pafupifupi 16. Ukachotsa patsala 26. Ukaika 0.026 pamodzi ndi 1,700 ndi 4,800, yankho ndi pafupifupi mamita 24. Ukaphatikiza ndi 4 aja, thanthwe lili cha pa mamita 28.

Taonani kuti thanthwe la pa mamita 28 linayamba kuonekera pa mamita 70 a mzere. Ndichifukwa chake mzere umayenera kutalika katatu mpaka kasanu kuposa kuya komwe ukufuna kuona. Likanakhala pa mamita 50, chingwe changa cha mamita 115 sichikanaliona pokhapokha nditakamenyera kutali kunja kwa mzere, ndipo kumeneko hamala ya pamanja imayamba kuchepa mphamvu, makamaka pamchenga wouma womwe umameza kugunda. Ku chigwa cha ku Malombe kuja hamala sikanandiuza kuti thanthwe lili pati. Ikanandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti pa mamita 20 palibe, ndipo chimenecho chinali chokwanira kupulumutsa dzenje lija.

Koma hamala nayo ili ndi khungu lake. Liwiro la 1,700 limangonena kuti gawolo ndi lofewa ndipo ndi lodzaza madzi. Silinena ngati ndi dongo lomata lomwe limasunga madzi osawatulutsa, kapena mwala wowola wa mchengamchenga womwe umapereka madzi ku mjigo. Silinenanso ngati madziwo ndi amchere. Mamita 24 a dongo ndi mamita 24 a mchenga, kwa hamala ndi pafupifupi chimodzimodzi.

Madzulo ake tinayala waya wa magetsi pamalo omwewo, pakati pake pomwe panali pakati pa chingwe cha majiyofoni. Nthaka inali youma moti magetsi ankakana kulowa, ndiye pa chikhomo chilichonse tinkathira madzi osungunuliramo mchere pang'ono, omwe amayi awiri ankatisenzera m'zidebe kuchokera kutali komwe ankatunga masiku onse. Ndinaonetsetsa kuti mzere usayandikane ndi mpanda wa waya womwe unali chakumpoto, poti chitsulo chimaba magetsi n'kutsitsa manambala mwabodza. Ulendo uno sindinalekere panjira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tinatambasula mpaka theka la AB litafika mamita 150. Girafu inayambira cha pa 200, inatsika kufika cha pa 50, kenako inakwera motsetsereka osagonanso. Pa mamita 150 inawerenga pafupifupi 250. Pa mchira wokwera chotero, S umaipeza pongogawa theka la AB ndi nambala yomwe wawerenga: 150 kugawa ndi 250, yankho 0.6.

Ndi 0.6 yemwe uja ndinanena kuti akhoza kukhala mamita 20 kapena 30. Koma tsopano kukhuthala ndinali nako kuchokera ku hamala. Mamita 24 kugawa ndi 0.6 kumapereka 40. Gawo lokana ma omu-mita 40 si dongo lokhalokha, ndiponso si madzi amchere. Likanatuluka 8 kapena 10 ndikanawauza a komiti kuti tikayang'ane kwina, ngakhale thanthwe lili pakuya kosangalatsa. Mu lipoti ndinalemba kuti wokumba ayembekezere nthaka yofewa mpaka pakati pa mamita 25 ndi 33, abwere ndi mapaipi otchingira okwanira mamita onsewo, ndipo akagunda mwala wolimba apitirirebe mamita angapo asanaleke. Sindinalembe 28 yekha.

Chifukwa chosalembera 28 yekha chinaonekera pa tsiku lokumba. Ndinakhala pafupi ndi dzenje ndikutola zotuluka mita iliyonse n'kumaziyala pansi pamzere, timilu ting'onoting'ono. Poyamba dothi lofiira, kenako dongo lotuwa la mchenga, kenako zofumbutuka zonyezimira zomwe ukazifinya m'manja umaona kuti kale zinali mwala. Cha pa mamita 25 phokoso la makina linasintha, ndipo kunayamba kutuluka tizidutswa ta mwala tokhala ndi dzimbiri m'mbali. Dzimbiri limenelo ndi chizindikiro choti madzi amadutsa m'ming'alumo. Madzi ochuluka anabwera pakati pa 26 ndi 31. Mwala wolimba weniweni, wotulutsa fumbi lotuwa ndi tizidutswa toyera topanda dzimbiri, unayamba pa 31, osati 28.

Mamita atatu amenewo ali ndi chifukwa chake. Pakati pa chofewa ndi cholimba panali gawo la mwala wosweka, lokhuthala mamita asanu ndi limodzi, lomwe liwiro lake liyenera kuti linali pakati pa 1,700 ndi 4,800. Gawo lopyapyala chotero, lili pansi chotero, silipeza mpata wokhala loyamba kufika pa jiyofoni iliyonse: lisanapambane gawo la pamwamba pake, thanthwe la pansi pake limakhala litalipitirira kale. Pa girafu silioneka n'komwe, ndipo zotsatira zake n'zakuti kuya komwe wawerengera kumachepa. Chondidabwitsa nthawi zonse n'chakuti gawo lomwe hamala siliona ndi lomwe nthawi zambiri limapereka madzi. Palinso vuto lotembenuka, pomwe gawo lothamanga lili pamwamba pa lochedwa, monga nthaka youmbika ngati simenti pamwamba pa mchenga wofewa. Pamenepo lochedwalo limabisika, ndipo kuya kumatuluka kwakukulu kuposa kwenikweni. N'chifukwa chake ndikafika pamudzi ndimayamba ndafunsa za mijigo ndi zitsime zomwe zilipo kale: anakumba mamita angati, mwala anaupeza pati, madzi amaphwa mwezi uti, amakoma kapena ayi. Ngati pali mjigo womwe mbiri yake ikudziwika, ndimayeza kaye pambali pake kuti ndione momwe makina akuwerengera nthaka yomwe tikuidziwa kale.

Anthu ambiri amati timabwera ndi makina oona madzi. Agogo ena pamudzi paja anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, madziwo wawaona?" Ndinawayankha kuti ayi agogo, ndaona pomwe pali mwala ndi mtundu wa dothi lomwe lili pamwamba pake, madziwo tidzawaona limodzi. Sanakhutire ndi yankholo, ndipo ndikuwamvetsa, poti iwo ndi omwe ankadzuka m'bandakucha kukadikira pa chitsime cha mumtsinje wouma. Koma sindikanawauza zina. Kuchuluka kwa madzi kumadziwika dzenje likaboledwa n'kupopedwa kwa maola angapo, munthu akuyeza momwe madzi akutsikira ndi momwe akubwererera.

Okumba analekera pa mamita 38. Mapaipi oboolaboola olowetsa madzi anawaika moyang'anizana ndi mwala wosweka uja, kuyambira 25 mpaka 31, n'kuthira nsangalabwi zosefa m'mbali mwake, pamwamba n'kutseka ndi simenti. Timilu ta zotuluka m'dzenje tija ndinatijambula ndi foni mbuzi zisanatipondeponde, ndipo chithunzicho ndinachimata m'buku langa pafupi ndi girafu ya hamala, kuti mudzi woyandikana nawo ukadzafuna mjigo ndidzadziwe kuti pa 28 wa m'dera limenelo ndiziwonjezerapo mamita atatu.